Lipoti la nkhani: zochitika pakati pa tsiku lotsekera mabuku ndi tsiku lovomerezera malipoti a zachuma

Lipotili likufotokoza ntchito imene ndinagwira monga odita pa kampani ina yopanga ndi kugulitsa zipangizo zamagetsi, imene dzina lake sinditchula. Ndalama zonse, kupatula mitengo ya chipangizo chimodzichimodzi, ndazilemba m'mamiliyoni ndipo ndazizunguliza kuti masamu asavute kutsata. Chaka cha zachuma cha kampaniyi chinatha pa 31 Disembala, bodi inayenera kukumana pa 22 Malichi kuti ivomereze malipoti a zachuma, ndipo msonkhano waukulu wa eni masheya unaikidwa m'mwezi wa Meyi. Malipoti oyamba amene mkulu wa zachuma anatipatsa ankasonyeza phindu la mamiliyoni 480 msonkho usanachotsedwe.

Lamulo limene linkatitsogolera ndi IAS 10, lomwe bungwe la IASB, lokhazikitsa malamulo a malipoti a zachuma ogwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, linakonzanso mu Disembala 2003 ndipo linayamba kugwira ntchito pa zaka zoyambira pa 1 Januwale 2005. Limanena za zinthu zabwino kapena zoipa zochitika mabuku atatsekedwa koma malipoti asanavomerezedwe kuti atuluke, ndipo limazigawa pawiri. Pali zochitika zosinthitsa manambala, zomwe zimapereka umboni wa zinthu zimene zinalipo kale pa tsiku lotsekera mabuku. Ndipo pali zosasinthitsa manambala, zomwe zimasonyeza zinthu zimene zinabadwa tsikulo litadutsa. Zoyambazo zimalowa m'mabuku a chaka chothacho, pamene zachiwirizo, ngati zili zazikulu moti zingakhudze maganizo a owerenga malipoti, zimangoululidwa m'mawu ofotokozera a kumapeto. Nthawi imene tinkayang'ana inali kuyambira pa 1 Januwale kulekeza pa 22 Malichi, osati kufikira msonkhano wa mu Meyi, chifukwa lamuloli limawerengera tsiku limene bodi yaloleza kuti malipoti atuluke, ngakhale eni masheya adzawakambirane pambuyo pake.

Pamene tinafika kudzamaliza ntchito, mkati mwa Malichi, ndinapempha zinthu zimene timapempha nthawi zonse motsatira ISA 560, lamulo la maodita lokhudza zochitika mabuku atatsekedwa: zolembedwa za misonkhano ya bodi kuyambira mu Januwale, masitetimenti a ku banki a miyezi yatsopanoyo, mainvoisi a malonda a mu Januwale ndi Febuluwale, makalata a loya wa kampani, ndi maakaunti a pamwezi. Mkulu wa zachuma anali atalemba yekha pepala limodzi la zimene zinachitika, ndipo pambali pa chilichonse analemba tsiku lake. Maganizo ake anawanena momveka pamene tinakhala pansi: "Bwana odita, zonsezi zili ndi madeti a chaka chino. Ine sindikuona chifukwa chotsegulanso mabuku amene tinatseka kale." Ndinawayankha kuti deti la pa kalata limangotiuza tsiku limene ife tinamva nkhaniyo, koma funso limene tiyenera kufunsa pa mzere uliwonse wa pepala lawolo ndi lakuti vutolo linayamba liti. Ntchito yonse ya masiku atatu otsatira inali yoyankha funso limeneli, mzere ndi mzere.

Nkhani imene inatitengera nthawi yaitali ndi ya makasitomala awiri amene anagwa m'mwezi umodzi. Woyamba, yemwe ndimutchule kuti kasitomala A, anali ndi ngongole ya mamiliyoni 60 pa 31 Disembala, ndipo kampani inali itayerekezera kuti mamiliyoni 6 mwa ndalamazi sadzabwezedwa. Pa 9 Febuluwale khoti linalamula kuti bizinesi yake ithetsedwe, ndipo munthu amene anaikidwa kuti agulitse katundu wake analemba kalata yonena kuti amene anamukongoza popanda chikole ayembekezere pafupifupi 20 pa 100 iliyonse. Tinatsegula akaunti ya kasitomalayu m'buku la ogula pa ngongole ndi kuiwerenga chobwerera m'mbuyo. Mainvoisi osalipidwawo anali a mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Ndalama yomaliza imene analipira inalowa pakati pa Seputembala. Mu Novembala cheke chake chinabwezedwa ndi banki. Ndipo mu fayilo ya wotolera ngongole munali makalata atatu amene kasitomalayo ankapempha kuti amuwonjezere nthawi. Bizinesi imeneyi inali itadwala kale chaka chisanathe, ndipo chigamulo cha khoti chinangotsimikizira zimene akauntiyo inkanena. N'chifukwa chake ndime 9 ya IAS 10 imati kugwa kwa kasitomala pambuyo pa tsiku lotsekera mabuku kawirikawiri kumatsimikiza kuti ngongole yake inali itawonongeka kale pa tsikulo.

Masamu ake anali osavuta. Pa mamiliyoni 60, ndalama yoyembekezeka kubwera inali mamiliyoni 12, kotero yotayika inali mamiliyoni 48, ndipo popeza 6 anali atalembedwa kale, tinafunika kuwonjezera mamiliyoni 42 pa zotayika za chaka chothacho. Panali kanthu kena kamene mnzanga wamng'ono pa ntchitoyi anatsala pang'ono kulakwitsa. Mu Januwale, kampani inagulitsanso kwa kasitomala yemweyu katundu wa mamiliyoni 5 pa ngongole, chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa poona cheke chija chobwezedwa mu Novembala. Mnzangayo anaphatikiza ndalamayi pa 60 uja. Koma ngongole ya mu Januwale kunalibe pa 31 Disembala, ndipo sungalembe kutayika kwa chinthu chimene sichili m'mabuku a chaka chimenecho. Kutayika kwake kuli m'chaka chatsopano.

Kasitomala B anali ndi ngongole ya mamiliyoni 25, ndipo nayenso anatseka bizinesi kumapeto kwa Febuluwale. Mkulu wa zachuma, amene tsopano anali atavomera za A, anati ndiye kuti nayenso B timuchitire chimodzimodzi. Apa ndi pamene mawu akuti "kawirikawiri" a mu ndime ija amagwira ntchito. Akaunti ya B inali yoyera: kwa zaka zitatu ankalipira invoisi iliyonse masiku 30 asanakwane, mainvoisi otsalawo anali a mu Disembala ndipo sanali atapitirira nthawi pa tsiku lotsekera mabuku, ndipo ngakhale mu Januwale analipirako ndithu gawo lina, moti pamene ankagwa panali patatsala mamiliyoni 14. Chimene chinamugwetsa ndi madzi osefukira amene anawononga katundu wake yense pa 3 Febuluwale, iye alibe inshuwalansi yokwanira. Pa 31 Disembala munthu wofufuza mosamala kwambiri sakanapeza chizindikiro chilichonse cha vuto pa kasitomalayu. Choncho tinasiya chiyerekezo cha ngongole yake monga chinaliri, n'kulemba m'mawu ofotokozera kuti mamiliyoni 14 ali pa chiopsezo chifukwa cha zimene zinachitika mu Febuluwale. Makalata a makasitomala awiriwa ankaoneka ofanana pa desiki, koma anagwera mbali zosiyana, ndipo chimene chinawasiyanitsa chinapezeka mu mbiri ya akaunti, osati m'kalata.

Pa katundu wogulitsa panalinso nkhani ziwiri. Lamulo la IAS 2 limafuna kuti katundu alembedwe pa ndalama yocheperapo pakati pa mtengo womupangira ndi ndalama imene angabweretse akagulitsidwa, zolipira pogulitsa zitachotsedwa. Pa 31 Disembala m'nyumba yosungiramo katundu munali zipangizo 4,000 za mtundu wakale, chilichonse cholembedwa pa mtengo wa 9,000, zonse pamodzi mamiliyoni 36. Mainvoisi a mu Januwale anasonyeza kuti zinagulitsidwa pa 7,500 chilichonse, ndipo zonyamulira ndi komishoni zinadya 300 pa chimodzi, kutsala 7,200. Kutsika kwa mtengo pakokha sikunali kokwanira kutiuza mbali imene nkhaniyi igwere, choncho tinafunsa chimene chinautsitsa. Mapepala a kuwerenga sitoko a pa 30 Disembala anali ndi yankho, chifukwa wowerengayo analemba pambali pa mzere umenewu kuti makatoni ndi afumbi ndipo katunduyo sanayende kuyambira mu Juni. Zolembedwa za bodi za mu Okutobala nazo zinasonyeza kuti mtundu watsopano wolowa m'malo mwake unali utayamba kale kugulitsidwa. Kusafunika kwa katunduyu pa msika kunalipo chaka chisanathe, ndipo malonda a mu Januwale anangotipatsa nambala yake. Tinachotsa 1,800 pa chipangizo chilichonse, zomwe ndi mamiliyoni 7.2. Zikanakhala kuti mtengo unatsika chifukwa makatoni ananyowa mu Januwale, yankho likanakhala losiyana.

Nkhani inayo inali moto. Usiku wa pa 14 Febuluwale nyumba imodzi mwa zitatu zosungiramo katundu inapsa chifukwa cha vuto la mawaya, ndipo katundu wa mamiliyoni 90 anawonongeka. Apa mkulu wa zachuma, amene poyamba sankafuna kusintha kanthu, anatembenuka n'kufuna kusintha: anati pafupifupi mamiliyoni 70 a katundu wopsayo anali momwemo pa 31 Disembala ndipo ali pa mapepala athu a kuwerenga sitoko, ndiye n'chifukwa chiyani tisonyeze eni masheya katundu amene tsopano ndi phulusa? Funso lake linali lomveka, ndipo ndimakumana nalo pafupifupi chaka chilichonse. Koma lipoti la chuma ndi ngongole za kampani limanena mmene zinthu zinalili pa tsiku limodzi, ndipo pa tsikulo katunduyo analipo, anali wabwino, ndipo ankagulitsika pa mtengo woposa womupangira. Kukula kwa ndalama sikusandutsa chochitika kukhala chosinthitsa manambala. Kukula kumangogamula ngati tiyenera kuchiulula. Ndime 21 ya IAS 10 imafuna kuti tinene mtundu wa chochitikacho ndi chiyerekezo cha ndalama zake, kapena tinene kuti chiyerekezo sichingatheke. Mawu amene tinagwirizana ananena tsiku la motowo, mamiliyoni 90 a katundu, mamiliyoni 22 a nyumbayo malinga ndi mabuku, ndiponso kuti pempho linaperekedwa ku kampani ya inshuwalansi koma yankho linali lisanabwere. Ndinakana chiganizo chimene oyang'anira anafuna kuwonjezera chakuti inshuwalansi idzabweza zonse, popeza panalibe kalata iliyonse yotsimikiza zimenezo.

Mlandu wa ku khoti sunativute. Kontirakitala wina anasumira kampaniyi chifukwa chothetsa mgwirizano chaka chapitacho, ndipo pa 31 Disembala mabuku anali ndi mamiliyoni 10 oikidwa padera motsatira malangizo a loya. Pa 27 Febuluwale khoti linagamula kuti kampani ilipire mamiliyoni 18, ndipo bodi inasankha kusachita apilo. Chimene chinabala udindo wolipira, kuthetsa mgwirizano kuja, chinachitika chaka chisanathe, kotero tinakweza ndalama yoikidwa padera ndi mamiliyoni 8. Kungoulula chigamulochi m'mawu ofotokozera sikukanakwanira. M'kalata yomweyo ya loya munalinso mlandu wina, wa dalaivala wa kampani amene anagunda galimoto ya munthu pa 20 Januwale. Umenewu unachokera pa ngozi ya chaka chatsopano basi, ndipo popeza ndalama yake inali yochepa, sitinaulembe n'komwe.

Nkhani ya kuba ndiyo inafunika kudulidwa pakati. Makalata amene tinatumiza kwa makasitomala kuti atsimikize ngongole zawo anabwera ndi mayankho anayi osagwirizana ndi mabuku, onse akunena kuti analipira kale ndipo ali ndi malisiti. Pofufuza zinapezeka kuti wolandira ndalama wina ankatenga ndalama za makasitomala osazilowetsa m'mabuku, n'kumaphimba dzenjelo ndi ndalama za makasitomala ena obwera pambuyo. Zonse zinakwana mamiliyoni 15, ndipo nkhaniyi inadziwika pa 30 Januwale. Tinaika malisiti a makasitomala pambali pa masitetimenti a ku banki n'kuwasanja malinga ndi madeti, ndipo tinapeza kuti mamiliyoni 11 anabedwa pakati pa Julayi ndi Disembala, pamene mamiliyoni 4 anabedwa mu Januwale. Pa 31 Disembala mabuku ankasonyeza ngongole za makasitomala za mamiliyoni 11 zimene kunalibe, choncho malipotiwo anali olakwika ndipo tinawakonza pochotsa ndalamayi pa ngongolezo n'kuilemba monga yotayika. Mamiliyoni 4 aja tinawasiyira chaka chatsopano. Sitinalembe chilichonse choyembekezeka kubwezedwa ndi munthuyo, chifukwa panalibe umboni wakuti ali nacho chobwezera.

Panali cholakwika chimodzi chimene sichinakhudze phindu koma chinakhudza lipoti la chuma ndi ngongole. Oyang'anira anali atalemba mamiliyoni 100 monga ngongole kwa eni masheya, ponena kuti ndi gawo lawo la phindu la chaka chothacho. Zolembedwa za bodi zinasonyeza kuti gawoli linali loti lidzalengezedwe pa msonkhano wa pa 22 Malichi. Pa 31 Disembala mwini sheya aliyense analibe ufulu wofunsa ndalamayi, ndipo ndime 12 imanena mosabisa kuti gawo lolengezedwa tsikulo litadutsa silikhala ngongole ya chaka chothacho, ngakhale litachokera pa phindu la chakacho. Tinabweza ndalamayi ku phindu losungidwa n'kuiulula m'mawu ofotokozera. Chimodzimodzinso ngongole ya ndalama zakunja imene kampani inatenga pogula makina: ndalama imene kampani imalembera mabuku inagwa mphamvu kumayambiriro kwa Malichi, moti ngongoleyo inakwera ndi pafupifupi mamiliyoni 30, koma lamulo la ndalama zakunja, IAS 21, limafuna mtengo wosinthira wa pa tsiku lotsekera mabuku, ndipo kugwa kwa mu Malichi kunali nkhani yongoulula.

Titamaliza mizere yonse panatsala funso limodzi limene silitsata kugawa pawiri kuja. Ndime 14 ya IAS 10 imati ngati oyang'anira atsimikiza, ngakhale tsiku lotsekera mabuku litadutsa, kuti athetsa kampani, kapena asiya malonda, kapena alibe njira ina yeniyeni koma imeneyo, malipoti sangakonzedwenso ngati a kampani yopitiriza ntchito. Apa ngakhale chochitika cha m'chaka chatsopano chimagubuduza maziko onse a malipoti. Moto, kugwa kwa makasitomala awiri, chigamulo cha khoti ndi kukwera kwa ngongole yakunja, chilichonse pachokha sichinali choopsa, koma zonse pamodzi zinandichititsa kupempha chiyerekezo chatsopano cha kayendedwe ka ndalama cha miyezi yosachepera 12 kuchokera pa 31 Disembala, chopanda ndalama ya inshuwalansi mkati mwake. Chinasonyeza kuti ndalama zidzathina kwambiri mu Juni ndi Julayi. Chimene chinatikhazika mtima pansi ndi kalata ya banki ya pa 11 Malichi yowonjezera malire a ngongole yapakanthawi mpaka chaka chamawa, komanso kuti fakitale ndi nyumba ziwiri zotsalazo zinkagwirabe ntchito. Bodi, itaona chiyerekezochi, inatsitsa gawo la eni masheya kuchoka pa mamiliyoni 100 kufika pa 40, ndipo ndi nambala imeneyi imene inalowa m'mawu ofotokozera.

Kusiyanitsa kotereku sikukhala kophweka nthawi zonse, ndipo ambiri a ife tinakuona kuvuta kwake mu 2020. Bungwe la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo makampani ochuluka amene anatseka mabuku pa 31 Disembala 2019 anautenga monga chochitika chosasinthitsa manambala, pamene amene anatseka pa 31 Malichi 2020 anayenera kuulowetsa m'ziyerekezo zawo za ngongole ndi katundu, chifukwa kwa iwo vutolo linalipo kale pa tsiku lotsekera. Ndinatchula chitsanzochi kwa mkulu wa zachuma pamene ankadandaulabe za moto uja, ndipo chinawathandiza kuposa ndime zonse zimene ndinawawerengera.

Zosintha zinayi, 42 wa kasitomala A, 7.2 wa katundu wakale, 8 wa mlandu ndi 11 wa kuba, zinakwana mamiliyoni 68.2, ndipo phindu msonkho usanachotsedwe linatsika kuchoka pa 480 kufika pa 411.8, bonasi ya oyang'anira isanawerengedwenso. Msonkho unawerengedwanso, ndiponso bonasi ya oyang'anira, imene malinga ndi mgwirizano wawo wa ntchito imawerengedwa kuchokera pa phindu la chaka. Udindo woilipira unalipo pa 31 Disembala, kotero nambala yake yatsopano inalowanso m'chaka chothacho, ndipo sindikukayika kuti zimenezi zinali mbali ya chifukwa chimene kukambirana kwathu kunatentherako tsiku loyamba. Bodi inavomereza malipotiwo pa 22 Malichi, ndipo tsikuli pamodzi ndi amene anavomereza zinalembedwa m'mawu ofotokozera monga ndime 17 imafunira, kuti wowerenga adziwe pamene maso a malipotiwo analekezera. Pa 10 Epulo kampani ya inshuwalansi inalemba kalata yovomera kulipira mamiliyoni 80, ndipo mkulu wa zachuma anandiimbira foni kufunsa ngati tingaiwonjezere m'malipoti msonkhano wa mu Meyi usanachitike. Ndinawauza kuti kalatayo inabwera malipoti atavomerezedwa kale, ndipo ndalamayo idzalembedwa m'chaka chatsopano, momwe mulinso moto umene ikubwezera. Wapampando wa bodi anaitchula m'mawu ake kwa eni masheya.